Kanema wa Chichewa: mumujambule bwanji, nanga Chingerezi cha m'munsi muchiike liti?

Mvula ikupita kumapeto, nkhwani utachuluka kumunda, ndinajambula azakhali anga akufutsa ndiwo. Anali kanema wa mphindi zisanu ndi imodzi: kuthyola masamba, kusadzula, kuwafwafwaza m'madzi otentha, kuyanika pa mphasa, kenako kumanga chikwatu ndi masamba a msuku. Nditamaliza ndinaganiza kuti ndiike Chingerezi m'munsi kuti anthu akunja nawo aonere. Ndinamata zilembo zazikulu zachikasu pa chithunzi penipenipo, n'kutumiza ku gulu la pa WhatsApp la abale. Woyamba kuyankha anali msuweni wanga wa ku Mitundu. Anati, "Achimwene, malembawa akutchinga manja a amayi. Ife timafuna tione mmene akumangira." Ankanena zoona. Pamene pankachitikira ntchito yeniyeni, pa chikwatu ndi pa zala za azakhali, m'pamene panakhala Chingerezi chimene iye sankachifuna n'komwe.

Kuyambira pamenepo ndimatsata dongosolo limodzi, ndipo ndi limene ndikufotokozereni pano pogwiritsa ntchito kanema wa mfutso yemweyo. Kanemayo amayamba wathera munthu womva Chichewa, wopanda chilichonse chomatidwapo. Chingerezi chimabwera pambuyo, ngati pali chifukwa, ndipo chimakhala m'fayilo yakeyake imene woonera angayatse kapena kuzimitsa.

Yambani ndi woonera mmodzi ndi foni yake

Musanagwire kamera, sankhani munthu mmodzi weniweni amene mukumupangira kanemayo, ndipo mudziwe mmene adzamuonere. Wanga anali mlamu wanga wa ku Area 25 ku Lilongwe, amene anakulira m'tauni ndipo mfutso amangogula pamsika. Foni yake ndi yaing'ono, deta amagula ya tsiku limodzi kapena ya sabata, ndipo nthawi zambiri amaonera ali m'minibasi kapena akudikira kuti nyemba zipse. Zimenezi zimakuuzani zinthu zitatu nthawi imodzi: kanema akhale waufupi, asalemere, ndipo chimene chikuchitika chioneke pafupi.

Zimakuuzaninso koti mumuponye. Pa Facebook, TikTok ndi pa WhatsApp anthu amagwira foni choimika, ndiye jambulani choimika, muyezo wa 9:16. Pa YouTube, kanema wophunzitsa wotalikirapo amakhala bwino chopingasa, 16:9. Sankhani musanayambe, chifukwa kudula kanema wopingasa kuti aime kumataya mbali zonse ziwiri, ndipo mphika umene munaujambula kumanzere umasowa.

Chichewa chake chikhale cholankhula

Musalembe zokamba m'Chingerezi n'kumazimasulira. Zimadziwika ndi khutu: ziganizo zimatalika, mawu amauma, munthu amamveka ngati akuwerenga kalata ya ku ofesi. Ine ndimalemba mitu isanu kapena isanu ndi umodzi pa kapepala, monga "kusankha masamba", "madzi", "kuyanika", "chikwatu", ndipo wolankhulayo ndimamufunsa funso limodzi pa mutu uliwonse.

Kwa azakhali ndinangoti, "Azakhali, tandiuzani, munthu amadziwa bwanji kuti masamba akwana kuphula?" Iwo, maso ali mumphika, anayankha kuti, "Iwe, musawasiye apse ngati mukufuna kudya lero, ayi. Angofota basi, mtundu ukangosintha, muphule." Chiganizo chimenecho sindikanachilemba ndekha. Ndi chimene anthu ambiri anabwereza m'ndemanga.

Kumbukiraninso kuti Chichewa sichithera pa Mchinji kapena pa Dedza. Chimamveka ku Chipata ndi ku Katete, ku Lusaka kumene Chinyanja ndi chinenero cha m'tauni, ku Angonia ndi madera ena a Tete, ku Niassa, ndiponso kwa a kwathu amene ali ku Harare, ku Joni ndi ku Ulaya. Kuti onsewa akumveni, pewani mawu a achinyamata a pa kona amene amasintha chaka ndi chaka, ndipo chinthu chikakhala ndi mayina awiri, tchulani onse kamodzi uku mukuchionetsa. Kanema wa Chichewa chomveka amadutsa malire atatu musanaike liwu limodzi la Chingerezi. Ndipo ku Mozambiki, munthu amene samva Chichewa amawerenga Chipwitikizi, osati Chingerezi.

Mawu ndiye oyamba, chithunzi pambuyo

Apa ndichedwapo, chifukwa makanema ambiri a kwathu amafera pano. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akapanda kumva zimene mukunena, amangodutsa. Vuto lalikulu ndi mtunda. Maikolofoni a foni amatola chimene chili pafupi, ndiye mukaima mamita atatu kuti munthu aoneke yense, mumatola mphepo, tambala, chigayo cha kuseri ndi wailesi ya aneba, mawu a wolankhula n'kumamveka ngati ali pansi pa chitsime.

Njira yabwino ndi kamaiki kopana pa kolala, kamene kamalumikizidwa ku foni. Kapaneni pachifuwa, pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pa chibwano, ndipo muonetsetse kuti mkanda kapena mpango sukukhudza. Ngati mulibe, gwiritsani ntchito foni yachiwiri. Ine ndinaika foni yakale m'thumba la bulauzi ya azakhali, ikujambula mawu okha. Poyamba pa chigawo chilichonse ndinkawomba m'manja kamodzi patsogolo pa kamera. Pokonza kanema, kuwomba kuja kumaoneka ngati kamzere kosongoka pa mafunde a mawu m'mafayilo onse awiri, ndipo mukagwirizanitsa timizere tiwirito, milomo ndi mawu zimayendera limodzi.

Musanajambule zenizeni, jambulani masekondi khumi n'kumvetsera ndi mahedifoni. Mukamva kuphwephwetera kwa mphepo, tembenukani kuti mphepo ikhale kumsana kwa wolankhula, kapena phimbani kamaiki ndi kasiponji. Mukamva mawu akung'aluka munthu akaseka kapena akakweza, kamaiki kayandikira kwambiri. M'nyumba ya malata yopanda siling'i musajambule mvula ikugwa, ndipo chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu. Chipinda chokhala ndi makatani, mipando ndi matumba a chimanga chimamveka bwino kuposa holo yaikulu.

Za chithunzi ndinena mwachidule. Jambulani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, kapena pamthunzi wa mtengo, wolankhula atayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Foni muitsamiritse pa chinthu cholimba, ngakhale njerwa ziwiri pa mpando. Pukutani galasi la kamera. Ntchito iliyonse muijambule kawiri, patali kuti munthu aoneke ndiponso pafupi kuti manja aoneke. Koma pali chimodzi chimene ndinachiphunzira pa chikwatu chija: siyani malo m'munsi mwa chithunzi. Manja ndi mphika zikhale pakati kapena chakumtunda, m'munsi mukhale dothi, mphasa kapena tebulo. Mukadzafuna kuika mawu olembedwa, adzapeza pokhala osatchinga kanthu.

Ngati mukujambula munthu wina, mupempheni, ndipo mumuuze bwinobwino kumene kanemayo akafike. Kunena kuti "nditumizira abale" n'kosiyana ndi kunena kuti "aliyense pa dziko lapansi angaonere, ndipo ndidzaika Chingerezi kuti amve zimene mwanena." Nyimbo za oimba musaziike popanda chilolezo. YouTube ndi Facebook zimazindikira nyimbo zambiri zolembetsedwa, ndipo zingatseke mawu a kanema wanu kapena kupereka phindu lake kwa mwini nyimbo. Phokoso la madzi owira ndi la masamba ouma likwanira.

Dulani, mumalize, musadzakhudzenso

Pokonza, kaya ndi CapCut pa foni kapena pulogalamu ina pa kompyuta, yambani ndi chinthu chimene woonera wabwerera. Kanema wa mfutso ndinamuyamba ndi mbale ya mfutso wotendera ili pambali pa nsima, azakhali akunena kuti, "Iyi ndi ndiwo ya mwezi wa Okutobala, kunja kulibe tsamba." Moni anabwera pambuyo pake, wamfupi. Ndikudziwa kuti kwathu kuyamba nkhani usanapereke moni kumaoneka ngati mwano, ndipo sindikunena kuti mumuchotse. Ndikunena kuti moni wa mphindi yathunthu, wothokoza aliyense ndi kupempha anthu kuti akutsatireni, amadya deta ya munthu asanaone kanthu.

Mukamaliza, tulutsani kanema mmodzi woyera, wopanda mawu olembedwa m'munsi, pa 1080p, n'kumusunga pawiri: pa kompyuta kapena pa memore khadi, ndi pena. Ameneyu ndiye mayi wa makanema ena onse amene mudzatulutse. Kuchokera apa musadulenso kanthu. Mukachotsa masekondi anayi okha pakati mutalemba kale mawu a m'munsi, mizere yonse yotsatira imachedwa ndi masekondi anayi.

Wa pa WhatsApp amafunika kumuchepetsa. Masamu ake ndi osavuta: kanema woyenda pa 1 Mbps amalemera pafupifupi 7.5 MB pa mphindi, ndiye wa mphindi zisanu ndi imodzi amafika 45 MB. Wochokera m'kamera ya foni pa 1080p amatha kupitirira 100 MB pa mphindi imodzi yokha. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imachepetsa bwino, kapena ngati muli ndi ffmpeg, pulogalamu ya pa kompyuta imene mumaiuza zochita polemba malamulo, kwa kanema wopingasa lembani izi:

```
ffmpeg -i mfutso.mp4 -vf scale=-2:480 -crf 28 mfutso_wochepa.mp4
```

Nambala ya 28 mukaikweza, fayilo imachepa koma chithunzi chimayamba kuoneka timabokosi, makamaka pa masamba ndi pa utsi. Yesani pa foni yaing'ono musanatumize.

Muponyeni m'Chichewa, kenako muone amene abwera

Kanema woyamba kutuluka akhale wa Chichewa chokha, mutu wake wa Chichewa, wokhala ndi mawu amene munthu angalembe pofufuza: "Kafutsidwe ka nkhwani ndi kamangidwe ka chikwatu". Pa YouTube sankhani chinenero cha kanemayo pa Video language. Mukafufuza Chichewa n'kuchisowa, yang'anani Nyanja, chifukwa m'mindandanda yambiri ya zinenero ndi mmene chimalembedwera, ndipo chizindikiro chake ndi ny.

Dikirani sabata ziwiri kapena mwezi. Kenako tsegulani YouTube Studio, pitani pa Analytics ndi pa Audience, muone mayiko amene anthu akuonerera. Masamba a Facebook ndi TikTok nawo amaonetsa zofanana. Apa m'pamene ambiri amanyengeka. Amaona South Africa ndi United Kingdom pa mndandanda, amvekere, "Azungu ayamba kundionera, ndiike Chingerezi." Werengani kaye ndemanga. Mukapeza kuti olemba akuti "mwandikumbutsa kumudzi" kapena "agogo anga ankamanga chonchi ku Ntcheu", amenewo ndi a kwathu amene ali kunja. Chingerezi sakuchifuna. Chimene abwerera ndi Chichewa chomwecho.

Zizindikiro zoti Chingerezi chikufunikadi ndi zina. Choyamba ndi ndemanga za m'Chingerezi zofunsa kuti mayiwo akuti chiyani, kapena tsambalo ndi la chomera chanji. Chachiwiri, chimene ine chinandigwira mtima, ndi makolo a kunja olemba kuti akuonera ndi ana awo obadwira komweko, amene amamva Chichewa cha moni ndi cha patebulo koma "kusadzula" sakudziwa. Chachitatu ndi pamene pali munthu kapena bungwe limene mukufuna kulionetsa ntchito yanu, monga chikondwerero cha mafilimu, sukulu, kapena amene angakupatseni ntchito yojambula.

Onaninso mtundu wa kanemayo. Kanema amene maso amamva theka la nkhani, monga kuphika, kuumba mbiya, kusema, kuvina, ulimi kapena ulendo wa ku phiri la Mulanje, amalandira Chingerezi mosavuta, chifukwa mawu olembedwa amangothandizira. Nthabwala zodalira kaseweredwe ka mawu, miseche ya ndale za m'dera, mikangano ya mpira imene anthu anayi amalankhula nthawi imodzi, zimenezi m'Chingerezi zimafa. Mungataye tsiku lonse mukumasulira, wakunja n'kuwerenga zonse osaseka ngakhale pamodzi.

Pomaliza werengerani nthawi. Kwa ine, mphindi imodzi ya kanema wolankhula kwambiri imadya pafupifupi theka la ola kuti ndilembe, ndimasulire ndi kugwirizanitsa nthawi. Kanema wa mfutso anandidyera maola atatu. M'maola atatu ndikanatha kujambula kanema wina wa Chichewa. Choncho sindimasulira onse. Ndimasankha amene sakalamba, amene munthu angadzamufufuze ngakhale patapita zaka zitatu, ndiponso amene waonetsa kale chimodzi mwa zizindikiro zija. Ngati chikukukokani ndi ndalama za YouTube, dziwani kuti njira yodziwika yopezera gawo la ndalama za malonda imafuna okutsatirani 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo dongosololi sililipo m'mayiko onse, ndiye yambani mwaona ngati dziko limene mukukhala lili pa mndandanda wawo. Chingerezi cha m'munsi pachokha sichibweretsa manambala amenewo.

Mwina mawu olembedwa oyamba akhale a Chichewa

Izi anthu saziganizira. Mlamu wanga uja m'minibasi amaonera foni ili yotseka mawu. Pa maliro, ku chipatala, usiku ana atagona, anthu amaonera mwakachetechete. Palinso abale athu osamva amene amawerenga Chichewa. Onsewa ali kale pakhomo panu, ndipo mawu olembedwa a Chichewa amawathandiza kuposa a Chingerezi. Komanso ntchito yake ndi yomweyo: kuti mumasulire, muyenera kuyamba mwalemba zimene zanenedwa ndi nthawi yake. Mukatero mwapeza fayilo ya Chichewa, ndipo ya Chingerezi imangokhala kusintha mawu pa nthawi zomwezo.

Musaiwale mbali inayo. Anthu ambiri kwathu amakonda kumva kusiyana ndi kuwerenga, n'chifukwa chake m'nyumba zoonetsera mavidiyo mafilimu akunja amayenda ndi munthu wolankhulira m'Chichewa pamwamba, osati zilembo m'munsi. Choncho chilichonse chofunika, monga muyezo, nthawi kapena chenjezo, chinenedwe ndi pakamwa. Musachisiye m'zilembo zokha.

Kulemba fayilo ya mawu a m'munsi

Fayilo imeneyi imathera ndi .srt ndipo ndi zolemba wamba. Chigawo chilichonse chili ndi nambala, nthawi yoyambira ndi yothera, mawu, kenako mzere wopanda kanthu. Chiganizo cha azakhali chija chinakhala chonchi:

```
14
00:01:42,000 --> 00:01:44,600
Don't cook them until soft.

15
00:01:44,800 --> 00:01:48,300
Take them off once they wilt
and change colour.
```

Mungailembe mu Notepad, koma pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit imapulumutsa nthawi chifukwa imaonetsa kanema ndi mafunde a mawu pamodzi, ndiye mumaona pamene munthu wayamba ndi pamene wapuma. Pa YouTube Studio palinso Type manually, pamene mumalemba uku kanema akuyenda.

Malamulo ake ndi ochepa. Mizere isapitirire iwiri. Mzere umodzi usapitirire zilembo 42, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo kanema akakhala woimika muchepetse kufika cha m'ma 30. Mawu akhale pa sikirini osachepera sekondi imodzi ndipo osapitirira masekondi asanu ndi awiri. Woonera amawerenga momasuka zilembo 15 mpaka 17 pa sekondi. Taonani chigawo 15 pamwambapa: chimakhala masekondi atatu ndi theka, ndiye chikhoza kunyamula zilembo zopitirira pang'ono 50, ndipo chili ndi 46. Chikanakhala ndi 80, woonera akanathamanga ndi maso pa zilembo n'kuphonya mphika.

Apa m'pamene pali luso lenileni: simumasulira liwu ndi liwu, mumafupikitsa. Azakhali ananena kuti "ngati mukufuna kudya lero, ayi", ndipo m'Chingerezi zimenezo ndinazisiya, chifukwa mfundo ndi yakuti masamba asapse. "Iwe", "basi", "eti", "mwamva?" ndi mchere wa Chichewa, koma m'munsi mwa kanema amangodzaza malo. Womva Chichewa akuwamva kale ndi khutu.

Mayina a zinthu zathu musawaphe. Mfutso, chikwatu, nsinjiro, nsima: lembani dzina lenilenilo, mulifotokoze kamodzi pamene chinthucho chikuoneka koyamba, kenako muzingolitchula. Nsima musaitche phala m'Chingerezi, chifukwa wakunja adzaganiza za chakudya cha m'mawa, ndipo wa kwathu wowerenga adzakwiya. Mwambi ukabwera, lembani tanthauzo lake. Pofotokoza chifukwa chofutsira masamba adakali anthete, azakhali anati, "Madzi akatayika saoleka." Ndikanalemba za madzi, woonera akanayang'ana mumphika kufuna kuona pamene atayikira. Ndinalemba kuti nyengo ya masamba ikadutsa simungaibweze. Ulemu wa "inu" ndi "a-" ulibe malo m'Chingerezi, ndipo musaukakamize. Koma mawu achibale muwasunge molondola: azakhali ndi mlongo wa bambo, ndipo ngati ubalewo uli ndi ntchito m'nkhaniyo, unenedwe kamodzi.

Mukamaliza, pezani munthu wodziwa Chingerezi bwino kuti aonere kanemayo mawu atatsekedwa, n'kukuuzani zimene wamva. Wanga anandifunsa ngati masamba amayanikidwa asanaphikidwe kapena ataphikidwa. Ndinapeza kuti ndinadumpha chiganizo chimodzi chimene m'Chichewa chinali liwu limodzi lokha, "mukaphula".

Kuika fayilo, ndi pamene mungamate

Pa YouTube tsegulani studio.youtube.com mu bulawuza, makamaka pa kompyuta. Sankhani kanemayo, pitani pa Subtitles, dinani Add language, sankhani English, kenako Upload file ndi With timing. Pamalo omwewo pali pomasulira mutu ndi kufotokozera kwa kanema. Musadumphe pamenepo. Munthu wa ku Nairobi wofufuza za kuyanika masamba sangapeze mutu wakuti "Kafutsidwe ka nkhwani", ndipo ngakhale ataupeza sangadziwe kuti mkati muli Chingerezi. Mutu womasulira umaoneka kwa amene YouTube yawo ili m'Chingerezi, ndipo popeza mafoni ambiri kwathu nawo ali m'Chingerezi, siyanimo liwu la Chichewa monga mfutso kuti a kwathu aziuzindikira.

Pa tsamba la Facebook fayilo ya .srt imalandiridwanso, koma dzina lake liyenera kukhala ndi chizindikiro cha chinenero ndi dziko, apo ayi imakanidwa:

```
mfutso.en_US.srt
```

Ubwino wa fayilo yapadera ndi wakuti msuweni wa ku Mitundu amaona manja a amayi ake opanda chotchinga, mwana wa ku Leeds ku England amayatsa batani la CC lobweretsa mawu a m'munsi, ndipo mukapeza cholakwika mumakonza fayilo yokha osachotsa kanema ndi kutaya ndemanga zake.

Koma kanema akatsitsidwa n'kuyamba kuyenda pa WhatsApp, pa Bluetooth kapena pa memore khadi, fayilo ija imatsala. Kumeneko, ndiponso pa tizidutswa tatifupi ta TikTok, mawu ayenera kumatidwa pa chithunzi. Ndiye tulutsani kanema wachiwiri kuchokera kwa woyera uja, wopita kwa okhawo amene akumufuna:

```
ffmpeg -i mfutso.mp4 -vf subtitles=mfutso.en_US.srt mfutso_chingerezi.mp4
```

Zilembo zikhale zoyera zokhala ndi mkombero wakuda, chifukwa zoyera zokha zimasowa pa nsima, pa ufa ndi pa malaya oyera. Pa kanema woimika musaziike pansi penipeni, poti pamenepo TikTok ndi Facebook zimalembapo dzina lanu ndi mawu ofotokozera, ndipo kumanja kuli mabatani. Zikwezeni pang'ono. Ndipo musamate zinenero ziwiri nthawi imodzi pa foni yaing'ono. Mizere inayi imadya chithunzi chonse.

Zikasokonekera

Fayilo ikakanidwa, kawirikawiri vuto ndi laling'ono. Onani ngati pa nthawi mwaika kadontho m'malo mwa mpatuliro, ngati mwaiwala mzere wopanda kanthu pakati pa zigawo, kapena ngati Notepad yawonjezera .txt kumapeto kwa dzina. Posunga sankhani All files. Sankhaninso UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ, ngati mumachilemba, chimasanduka tizizindikiro tosamveka.

Mawu akamachedwa kapena kufulumira, yang'anani malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto. Ngati kusiyanako n'kofanana ponseponse, mwachitsanzo sekondi imodzi, ndiye kuti munawonjezera kapena kuchotsa kanthu koyambirira, ndipo mu Subtitle Edit mumangosuntha mizere yonse pamodzi pa Synchronization ndi Adjust all times. Ngati koyambirira zili bwino koma zikusokonekera mwadzidzidzi pakati, munadula kanema pamalopo mutalemba kale. Sankhani mizere kuyambira pamenepo n'kuisuntha yokha. Ngati kusiyana kukukula pang'onopang'ono mpaka kumapeto, munalembera pa kanema wa liwiro lina la zithunzi, monga 25 pa sekondi, n'kutulutsa wa liwiro losiyana. Bwererani kwa kanema woyera amene munasunga.

Patatha mwezi mutaika Chingerezi, bwererani pa Audience. YouTube imaonetsa zinenero za mawu a m'munsi zimene oonera anu amayatsa. Ngati English ikuoneka ndipo ndemanga za m'Chingerezi zasintha kuchoka pa kufunsa zimene zikunenedwa n'kuyamba kufunsa za ntchitoyo, monga ngati masamba ena angafutsidwe chimodzimodzi, maola atatu aja sanapite pachabe, ndipo makanema ena a mtundu womwewo mungawamasulirenso. Ngati palibe chasintha, siyani fayiloyo ilipo, poti siivutitsa munthu, koma wotsatira musamumasulire.

Wa mfutso ndinamusiya ndi mafayilo awiri, ya Chichewa ndi ya Chingerezi. Wotsatira wake anali wa azakhali ndi anzawo awiri akutsutsana za chidulo ndi soda, akusekana ndi kudulana mawu kwa mphindi zisanu ndi zinayi. Ameneyo ndinamuikira Chichewa chokha m'munsi. Nditawaonetsa pa foni, azakhali anayang'anitsitsa zilembozo n'kundiuza kuti, "Apa sindinati chitambe ine, ndinati khwanya. Ukonze usanatumize kwa anthu." Ndinatsegula fayilo, n'kusintha liwu limodzilo pa chigawo 31.